Vidiyo ya selefi ikukana pa foni yotchipa? Yambani mwaona pomwe ikukanira

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi mbali ya ku Dómuè ndipo ndinapeza azakhali anga atakhumudwa zedi, mwana wawo amene amagwira ntchito ku Moatize anawauza kuti atsegule akaunti pa apu ina yake ya ndalama kuti aziwatumizira mosavuta, zonse zinayenda bwino, dzina, nambala, chithunzi cha BI, koma atafika poti ajambule vidiyo ya nkhope yawo yotsimikizira kuti ndi iwodi basi zinthu zinaima. Anayesa katatu usiku umodzi, apu ija kenako inawatsekera kuti adikire mawa. Pondilandira anangoti "mwanawe, kodi nkhope yangayi yatani kuti makinawa aziikana chonchi?" Zinandikhudza chifukwa nkhope yawo inalibe vuto lililonse. Vuto linali babu la sola, galasi lakuda la kamera ndi mamega olakwika.

Ndiye ndilembe momwe tinachitira, chifukwa anthu ambiri kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka mu Tete mwenimweni tili ndi mafoni omwewa a RAM ya 1GB kapena 2GB, kamera yakutsogolo ya 2MP kapena 5MP, ndipo vidiyo imeneyi tsopano akuifuna malo ambiri.

Choyamba, musangobwereza

Ichi ndiye chachikulu. Mapulogalamu ambiri amakupatsani mwayi wowerengeka, mukalephera kangapo amakutsekerani kwa maola angapo kapena tsiku, ena mpaka mukayankhule ndi anthu awo. Ndiye ikakana kamodzi imani kaye, dzifunseni kuti yakanira pati. Pali malo atatu ndipo paliponse pali chizindikiro chake.

Ngati kamera sikutseguka nkomwe, sikirini ingoda bii kapena apu ikudzitseka yokha, nkhani ndi ya foni, chilolezo cha kamera kapena memole yadzaza. Ngati kamera yatseguka, mukudziona mu kabwalo kamene apu imaonetsa kuti muikemo nkhope koma kabwaloko sikakusintha mtundu, kapena kakulemba zonga "rosto não detetado" kapena zoti muwonjezere kuwala, nkhani ndi kuwala ndi galasi. Ngati mwamaliza bwinobwino kutembenuza mutu ndi kuphethira kenako kanthu kaja kangozungulira, kuzungulira, mpaka nkulemba kuti mubwereze, pamenepo kawirikawiri chavuta ndi netiweki, vidiyo sinafike komwe imapita. Anthu amasokoneza zimenezi, munthu netiweki ndi imene yamukana iye nkumakasamba kumaso ndi kusintha malaya.

Azakhali anali ndi mavuto awiri, lachiwiri ndi lachitatu, koma lachitatulo sitinalidziwe mpaka titathana ndi lachiwiri.

Pukutani galasi

Tisanapite kutali yang'anani kadontho kakuda kaja pamwamba pa sikirini. Foni imakhala pa tsaya tikamayankhula, imatenga mafuta odzola, thukuta, fumbi la mu shapa, ndiye kamera imaona ngati kuli chifunga cha mwezi wa Juni ku Ulónguè. Pukutani ndi nsonga ya chitenje chouma kapena malaya a thonje, osati ndi chala. Pa foni ya azakhali panali galasi lotetezera lija timamatitsa pamsika, linali litasweka ndipo mng'alu wake unadutsa ndendende pa kamera, pansi pake fumbi litalowa. Tinalichotsa. Anadandaula kuti foni isweka koma kusiyana kwake kunaoneka pompo, maso ndi nsidze zinayamba kuoneka bwino pomwe poyamba zinali mbuu.

Mukatero tsegulani kamera wamba ya foni, osati apu ija ayi, mujambule kavidiyo ka masekondi 5 mukutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere. Kaonereni nkukaimitsa pakati pomwe mutu ukutembenuka. Ngati pamenepo nkhope yapakika ngati utoto, maso osaoneka malire ake, dziwani kuti makina aja akuonanso zomwezo ndipo akukanani. Kuyesa kotereku nkwaulere, sikudya mamega komanso sikukuchotserani mwayi wanu pa apu.

Kuwala, apa ndi pomwe pagona nkhani

Ndifotokoze chifukwa chake kuti mumvetse, mukamvetsa simuvutikanso. Kamera yakutsogolo ya foni yotchipa ndi yaing'ono kwambiri, imalandira kuwala kochepa. Mukakhala mu mdima imachita zinthu ziwiri kuti chithunzi chioneke, imatsegula diso lake nthawi yayitaliko pa chithunzi chilichonse, komanso imakokera kuwala mokakamiza. Choyambacho chimapangitsa kuti mukangosuntha pang'ono nkhope ipakike, chachiwiricho chimabweretsa timadontho tija tonga mchenga pankhope ponse. Tsono vidiyo yotsimikizira imafuna kuti musunthe, mutembenuze mutu, muphethire, kuti aone kuti ndinu munthu wamoyo osati chithunzi chimene wina wachigwirizira pa kamera. Ndiye mu mdima chinthu chomwe akukuuzani kuti muchite ndi chomwecho chimene chikuwononga vidiyo. Kuphethira kumatenga kachigawo kochepa ka sekondi, kamera ikamajambula mochedwa imatha kukuphonya, inu mwaphethira kasanu iyo sinaone nkamodzi komwe.

Maso athu amatinamiza pa nkhani imeneyi. Mukakhala m'nyumba babu likuyaka mumaona ngati kwawala bwino, koma panja pamthunzi masana kuwala kwake kumaposa babu limenelo kambirimbiri, ngakhale tsiku la mitambo. Ndiye mankhwala ake ndi osavuta, dikirani kuche.

Ife tinachita 8 koloko m'mawa. Ndinawakhazika azakhali pa mpando pakhonde, pamthunzi, nkhope yayang'ana kubwalo komwe kukuchokera kuwala, kumbuyo kwawo kuli khoma la njerwa. Mvetsani bwino pamenepa, kuwala kuzibwera kumaso kwanu, kusachokere kumbuyo. Mukaima chitseko chotsegula kapena zenera kapena thambo lili kumbuyo kwanu kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, imadzichepetsa, nkhope nkusanduka chithunzithunzi chakuda. Kwa ife akhungu lakuda zimenezi zimavuta kwambiri kuposa ena, nchifukwa chake ngakhale khoma loyera mbee la laimu dzuwa likaliwomba silabwino kukhala kumbuyo kwanu. Sankhani khoma la njerwa, la dothi kapena chitseko chotseka cha mtundu umodzi. Pasakhale kalendala ya nkhope za anthu, ana asamasuzumire paphewa, makina akaona nkhope ziwiri amakana.

Dzuwa lenileni nalonso ayi. Limakupangitsani kutsinzina, limaika mthunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, chipumi nkumanyezimira. Pansi pa mtengo wa mango samalani, masamba amadontheza kuwala mawangamawanga pankhope. Khonde kapena kuseri kwa nyumba ndiye kwabwino. Kwa a mu Tete muno ndi ku Moatize miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pukutani thukuta kaye komanso chitani m'mawa, foni ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha ndipo vidiyo imadukaduka.

Nanga ngati simungadikire kuche? Zimatheka koma movutikira. Musakhale pansi pa babu ndendende, khalani poti babulo lili kutsogolo kwanu, m'mwamba pang'ono. Kwezani kuwala kwa sikirini mpaka pamapeto chifukwa mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito sikirini yomweyo kuwalitsa nkhope, ena amaonetsa mitundu yosiyanasiyana nkumayang'ana momwe ikubwerera kuchokera pakhungu. Ngati pali tochi ya foni ina musaiwombe kumaso mwachindunji, iwombeni pa khoma loyera kapena pa pepala lomwe lili kutsogolo kwanu kuti kuwala kubwerere kofewa. Kandulo ndi koloboyi musataye nazo nthawi.

Kagwiridwe ka foni

Azakhali ankagwira foni pamiyendo nkumayang'ana pansi ngati akuwerenga uthenga, ndiye kamera imaona chibwano ndi denga. Foni ikhale molingana ndi maso, kutalika kwa dzanja lopinda pang'ono, masentimita 30 mpaka 40, nkhope idzaze kabwalo kaja koma chipumi ndi chibwano zisatuluke. Dzanja likamanjenjemera tsamiritsani chigongono pa tebulo kapena pa bondo. Ine ndinangoimika foni pa zenera ndi kuitsamiritsa ku kapu, basi sinagwedezekenso.

Chipewa ndi magalasi vulani. Duku anasiya koma tinalikankhira kumbuyo kuti chipumi chonse ndi nsidze zioneke. Ndipo potembenuza mutu chitani pang'onopang'ono, werengani mumtima wani, thu, fili popita, chimodzimodzi pobwerera, mutu wokha uziyenda foni isatsatire. Osatembenuka mpaka kamera kuona khutu lokha, theka la njira ndi lokwanira, dikirani kabwaloko kavomere. Pophethira tsekani maso mofatsa, mutsegule, osati mwachangu ngati mwalowa kachitsotso.

Chinanso, mafoni athuwa ambiri amabwera ndi chosalaza nkhope choyatsa kale, pa kamera amalemba Beleza kapena Beauty. Chizimitseni. Si mapulogalamu onse amene chimawakhudza koma pomwe chakhudza nkhope imasalala ngati chidole, nkusiyana ndi chithunzi cha pa BI.

Titachita zonsezi kabwalo kanasanduka kobiriwira koyamba. Azakhali anaombera m'manja. Kenako kanthu kaja kanayamba kuzungulira, kanaima, mphindi ziwiri, nkulemba kuti tiyeserenso.

Netiweki, timizere tisakunamizeni

Ndinayang'ana pamwamba pa sikirini, timizere ta netiweki tinali tinayi todzaza koma pambali pake panali chilembo E. Timizere timangokuuzani kuti nsanja mukuimva, chilembo ndi chimene chimakuuzani liwiro. E ndi 2G, H kapena H+ ndi 3G, 4G kapena LTE ndiye yabwino. Pa E uthenga wa WhatsApp umapita, ndiye munthu amati netiweki ilipo, koma vidiyo ndi katundu wina.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti kavidiyoko ndi ka 5MB, amenewo ndi mamegabiti 40. Ngati foni ikutumiza pa 100 kbps, zomwe pa E sizachilendo, pafunika masekondi 400, pafupifupi mphindi 7, ndipo apu siingadikire mpaka pamenepo, imadula. Pa 1 Mbps vidiyo yomweyo imapita pa masekondi 40. Ndipo dziwani kuti kulandira ndi kutumiza ndi zosiyana, kutumiza kumakhala kochedwa kawirikawiri chifukwa foni ndi yomwe ikukuwira nsanja ndi mphamvu yake yochepayo. Nchifukwa chake mutha kuonera mavidiyo a anthu bwinobwino koma yanu nkukanika kupita. Mapulogalamu ena satumiza pamapeto, amatumiza pomwe mukujambula pomwepo, amenewa netiweki ikafooka malangizo aja amachedwa kusintha kapena chithunzi chimauma pakati.

Ndiye musanayesenso, yesani njira. Kavidiyo ka masekondi 5 munajambula kaja katumizireni m'bale wanu pa WhatsApp ngati Documento kuti kasachepetsedwe, muone nthawi imene katenge. Kakapita msanga pamalo pamenepo mpabwino. Kakatenga mphindi zingapo samukani.

Koma kuyesa kumeneku kuli ndi msampha umodzi, ndipo ndi umene unatigwira ife. Azakhali amagula pakoti yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Mamega amenewo sagwira pa apu ina, zoyambazo zinkadutsa ndi timamega tochepa twina tomwe tinatsalira ndipo tinathera panjira. Onani salido yanu bwino, pafunika mamega a intaneti yonse, ine ndimati mukhale ndi 100MB kupita m'mwamba kuti ngakhale mubwereze kawiri asathere pakati.

Tinagula mamega a intaneti yonse ku banka yapafupi, kenako tinachita izi. Ndinayatsa Modo de avião, pa mafoni ena ndi Modo de voo, masekondi 20 nkuzimitsa kuti foni isakenso nsanja. Ndinalowa mu Definições, ena amalemba Configurações, pa Rede móvel, pa Tipo de rede preferido, ndinapeza ili pa 2G yokha, wina anaika choncho kuti batire lizikhalitsa, ndinaibweza pomwe pali 4G/3G/2G. Ndinazimitsanso Poupança de dados ndi Poupança de bateria chifukwa ziwirizi zimatha kubanikiza apu ikamatumiza. Ngati foni ndi ya malaini awiri, kaya Movitel ndi Vodacom kaya Tmcel, yesani onse pamalo pomwe mulipo musankhe amene akutumiza msanga, palibe amene amapambana paliponse, mudzi uno ndi uyu mudzi winawo ndi winayo. Mafoni ena otchipa 4G amaipereka kwa laini yokhayo imene mwaisankha kuti ikhale ya deta, winayo imatsala pa 2G, ndiye onetsetsani kuti mamega mwagula pa laini yomwe yasankhidwayo.

Pakhonde paja chilembo chinasintha kukhala H koma chimabwerera ku E. Tinayenda mphindi 10 kukwera kumtunda kufupi ndi msewu pomwe achinyamata amakaonera mpira pa foni, pamenepo H+ inakhazikika. Mudzi uliwonse uli ndi malo oterewa, funsani ana asukulu akulozerani. Kungoti pamalopo pafunikanso mthunzi ndi khoma, ife tinapempha pakhonde pa chigayo chomwe chinali chisanatsegule. Nthawi nayo ndi nkhani, madzulo kuyambira cha m'ma 6 aliyense ali pa foni ndipo nsanja imalemedwa, m'mawa ndi kopepuka. Apa mwayi wake ndi woti m'mawa momwemo ndi momwe kuwala kulinso bwino.

Abale a m'malire, ku Calómuè moyang'anana ndi Dedza kapena ku Zóbuè, onani dzina la netiweki pa sikirini. Foni imatha kudumphira nsanja ya ku Malawi, TNM kapena Airtel, inu muli kwanu, pamenepo pakoti yanu siigwira. Lowani posankha netiweki, zimitsani Selecionar automaticamente musankhe yanu ndi dzanja.

Ngati kamera sikutseguka kapena apu ikudzitseka

Izi sizinatigwere koma ndazionapo kwa ena. Lowani Definições, Aplicações, dinani dzina la apu, Permissões, muone kuti Câmara ndi yololedwa, Microfone nayonso ngati akufuna kuti mutchule manambala. Pomwepo pa Armazenamento dinani Limpar cache, osati Limpar dados ayi, chachiwirichi chimakutulutsani ndipo mutha kuyambiranso zonse. Foni ikakhala yodzaza fufutani mavidiyo a m'magulu mpaka patsale 500MB kapena 1GB, tsekani mapulogalamu onse, zimitsani foni muyatsenso, mulowe mu apu imodzi yokhayo. Pa RAM ya 1GB zimenezi zimathandiza kwambiri.

Ngati anakutumizirani linki, isatsegukire mkati mwa Facebook kapena mu Opera Mini, kumeneko kamera kawirikawiri siigwira. Ikopereni muike mu Chrome, ikafunsa za kamera dinani Permitir. Ngati munakana kale dinani kachizindikiro kali kumanzere kwa adiresi pamwamba, mulowe pa zilolezo mutsegule.

Kubwereka foni

Pali mafoni ena oti ngakhale mutani kamera yake siifika, makamaka ya 0.3MP imene amati VGA, kapena Android yake ndi yakale moti apu ikukana. Ngati panja pamthunzi, galasi lopukuta, kavidiyo koyesera kakuonekabe mbuu, lekani kulimbana nayo, bwerekani ya m'bale amene mumamukhulupirira. Laini yanu ikhale m'foni yanu pafupi chifukwa nambala yachinsinsi ya SMS ibwera kumeneko, PIN lembani nokha, mukamaliza tulukani mu akaunti, fufutani apu ndi zithunzi za BI zomwe zatsala mu foni ya mwiniyo. Kumbukirani kuti mapulogalamu ena amamangirira akaunti ku foni imene mwalembetsera, ndiye pobwerera ku yanu atha kukufunsani kutsimikiza kachiwiri. Ngati vuto ndi netiweki yokha simufunika kusintha foni, mnzanu amene laini yake ikugwira bwino akuyatsireni Ponto de acesso mulumikize pa Wi-Fi.

Ndipo chonde, munthu akakuimbirani kapena kukulemberani kuti mumutumizire vidiyo ya nkhope yanu ndi chithunzi cha BI pa WhatsApp kuti akumalizireni iyeyo, kanani. Ndi zinthu ziwirizo munthu atha kuyesa kutsegula akaunti kapena kutenga ngongole m'dzina lanu. Vidiyo imeneyi imajambulidwa mkati mwa apu kapena pa tsamba la eni ake basi.

Pakhonde la chigayo paja tinabwereza zomwe zija, foni pa zenera, mutu pang'onopang'ono kumanja, kumanzere, kuphethira kawiri mofatsa. Kanthu kozungulira kanatenga mwina theka la mphindi, ndinawauza kuti asakhudze chilichonse, asatuluke mu apu ngakhale foni italira. Inalemba kuti alandira ndipo tidikire. Kudikira kumeneku si kukana, musayambenso kutumiza ina pamwamba pake. Yankho linabwera masana tikudya nsima, koma linali loti chithunzi cha BI sichikuwerengeka, chinajambulidwa usiku uja ndi fulashi ndipo pulasitiki yake inanyezimira pa nkhope ndi pa nambala. BI ija tinaiika pa mphasa pakhonde, fulashi yozimitsa, kamera yakumbuyo, makona onse anayi akuoneka, nkubwereranso kumtunda kuja kukatumiza. Cha m'ma 4 koloko akaunti inatseguka, azakhali nkuimbira mwana wawo ku Moatize kuti "tumiza tione ngati zifike."